Silinda yanu sinachedwe, fomula ndiyo mwatenga yolakwika

Ndamaliza kuchonga malipoti a silinda yogubuduzika pa thabwa, ndipo ambiri a iwo akudwala nthenda imodzi. Mwayeza bwino, matebulo ndi aukhondo, ena mwajambula thabwa mpaka ndi mapensulo amitundu. Koma pofika pomaliza mwalemba kuti g wa kuno ku Ulongwe ndi 6.4 m/s², kenako pansi pake chiganizo chomwe chija chimene mumasiyirana chaka ndi chaka ngati buku la mkulu wanu: "Kusiyanaku kwabwera chifukwa cha kukhulana ndi cholakwa cha munthu wogwira wotchi." Mukadakhala kuti g ndi 6.4 zoona, bwenzi thumba la mbatata likupepuka ngakhale kwa mwana wa pulayimale.

Tiyeni titenge manambala a gulu limodzi, sinditchula kuti ndi liti. Mtunda umene silinda inayenda pa thabwa unali L = 1.50 m, ndipo poyambira panali pokwera h = 0.15 m kuposa pothera. Choncho sinθ = h/L = 0.10. Silinda inali yachitsulo ija yopanda mphako, yolemera 0.5 kg. Anaigubuduza kasanu, nthawi yapakati inatuluka 2.17 s. Popeza inayamba ili chiimire, kuwonjezeka kwa liwiro lake ndi a = 2L/t², zomwe zikupereka 0.637 m/s². Mpaka apa palibe chodandaula.

Vuto layambira pa mzere wotsatira. Anatenga a = g sinθ, napeza 0.98 m/s², nayerekeza ndi 0.637 wawo uja, naona kuti waperewera ndi 35 pa 100 alionse. Apa ndi pamene mtima unagunda, nayamba kufunafuna woti am'nenere. Koma a = g sinθ ndi fomula ya chinthu chotsetsereka popanda kukhulana kulikonse, monga njerwa ya ayezi pa galasi. Chinthu chimenecho sichizungulira. Silinda yanu inkazungulira, nonse munaiona ndi maso, ndipo dzina la ntchitoyi lili pamwamba pa lipoti lanu lomwe.

Silinda ikakhala pamwamba ili ndi eneji mgh, apa ndi 0.5 × 9.8 × 0.15 = 0.735 J. Ikamatsika, enejiyo ili ndi makomo awiri oti ilowe: kuyenda kwa silinda yonse kutsetsereka ndi thabwa, ndi kuzungulira kwake. Kuzungulirako sikwaulere. Kwa silinda yopanda mphako I = ½mR², ndipo ikamagubuduzika osatsetsereka v = ωR. Mukalowetsa ziwirizi mupeza izi:

```
mgh = ½mv² + ¼mv² = ¾mv²
a = (2/3) g sinθ
```

Ndiye kuti pa 0.735 J paja, 0.49 J yapita ku kuyenda ndipo 0.245 J yapita ku kuzungulira. Gawo limodzi mwa atatu. Silinda imafika pansi pa liwiro la 1.4 m/s, osati 1.71 m/s amene ena mwalemba. Ndipo a woyembekezeka ndi 0.653 m/s², nthawi yake 2.14 s. Gulu lija linapeza 0.637 ndi 2.17 s. Kusiyana kwake sikufika ngakhale 3 pa 100. Akadachulukitsa 6.4 wawo uja ndi 3/2 akadapeza g pafupifupi 9.6. Anthu anagwira ntchito yabwino ndi wotchi ya pafoni ndi thabwa lopala pamanja, kenako n'kudzinyoza okha kuti alephera. Zimenezi ndi zimene zikundipweteka kuposa mamakisi amene ndadula.

Ndipo mamakisi apitadi. Pa 20, amene mwalakwitsa apa mwataya poyerekeza, mwataya powerengera g, mwataya pofotokoza zolakwika, mwatayanso pomanga mfundo, chifukwa zonsezo zakhala pa fomula imodzi yomweyo. Gulu lina linachita choipa koposa. Litaona kuti 2.1 sakugwirizana ndi 1.75 s amene fomula yolakwikayo imapereka, nthawi za mu tebulo lawo zinasanduka 1.78, 1.76, 1.80. Silinda yopanda mphako singatsike thabwa limenelo pa nthawi imeneyo pokhapokha wina ataikankha ndi dzanja. Mwakonza manambala kuti agwirizane ndi yankho lolakwika, ndipo potero mwadziulula nokha.

Tsopano za wogwira wotchi amene mumakonda kum'semera chinyau. Chala cha munthu chimachedwa kapena kufulumira mwina ndi 0.2 s, n'chifukwa chake timabwereza kasanu. Koma kuti 1.75 asanduke 2.17, mnzanuyo anayenera kuchedwa ndi 0.42 s ulendo uliwonse, mbali imodzi yokhayokha. Onaninso mzere wachiwiri wa mu tebulo lanu, pamene munakweza thabwa kufika h = 0.30 m. Fomula yotsetsereka ikuti 1.24 s, yogubuduzika ikuti 1.52 s, ndipo ambiri mwapeza chapafupi ndi 1.5. Pa thabwa lotsika fomula ziwirizi zimasiyana ndi 0.39 s, pa lokwera zimasiyana ndi 0.28 s. Chala sichidziwa kuti thabwa lakwera kuti chichepetse kuchedwa kwake. Chimene sichikusintha n'chakuti mukagawa nthawi yanu ndi ya fomula yotsetsereka mukupeza mlingo umodzimodzi, pafupifupi 1.22, pa thabwa lililonse. Mukaona cholakwika chikubwera ndi mlingo womwewo nthawi zonse, siyani kuloza anthu, bwererani ku fomula. Gawani a wanu ndi g sinθ pa mzere uliwonse. Mukamapeza 0.64, 0.65, 0.66, ameneyo ndi 2/3 akukupatsani moni.

Nkhaniyi ndinakangana nayo ndi atsibweni anga ku Domwe, amene amalima mbatata ya kudimba nthawi yachilimwe. Madzi ena amatenga m'migolo ya malita 200 pa ngolo, n'kuitsitsa pa matabwa awiri. Tsiku lina mgolo wodzaza unawapulumuka, unathamanga n'kukagwetsa mpanda wa dimba la oyandikana nawo, ndipo nkhani yake inafika mpaka kwa a mfumu. Iwo amati wopanda kanthu amautsitsa pa matabwa omwewo ndi dzanja limodzi, ngakhale kuusiya umatsika mwaulemu, koma wamadzi uja unachita ngati watumidwa. Nditayamba kufotokoza anandidula: "Iwe mphwanga, sukulu yonseyi sukudziwa kuti cholemera chimathamanga?" Ndinati kulemera n'kumene kunachititsa kuti alephere kuugwira ndiponso kuti mpanda ugwe, koma liwirolo linachokera kwina. Mgolo wopanda kanthu kulemera kwake pafupifupi konse kuli m'mphepete, ndiye eneji yambiri imathera pozungulitsa chitsulocho. Ukadzaza madzi, chitsulo chimazungulira koma madzi ambiri m'katimo satsatira msanga, amangotsika ali chikhalire ngati munthu wokwera ngolo, ndiye eneji yochepa kwambiri ndiyo imapita ku kuzungulira. Anandiyang'ana, nati ndikafotokozere mwini mpanda.

Atsibweni ndingawakhululukire. Inu amene mwalemba kuti silinda yachitsulo inapambana payipi ija "chifukwa ndi yolemera" sindikukhululukirani, chifukwa munafafaniza nokha m mbali zonse ziwiri tsamba limodzi m'mbuyomo. R nayenso amachoka. Silinda yamtengo ndi yachitsulo, yaikulu ndi yaing'ono, zonse zikakhala zopanda mphako zimafika pamodzi. Payipi yopyapyala imachedwa chifukwa I = mR², choncho a = ½ g sinθ, apa 0.49 m/s² ndi nthawi ya 2.47 s. Payipi yathu ya mu labu ndi yokhuthalirapo, ndiye iyenera kugwera pakati pa 2.14 ndi 2.47, chakufupi ndi 2.47, ndipo amene anayeza mkati ndi kunja kwake anaona zimenezo.

Za kukhulana, komwe m'malipoti mumalemba kuti atirito, apa ndiyende pang'onopang'ono chifukwa theka la zimene mwanena ndi loona. Kukhulana kulipo, ndipo ndi kumene kumazungulitsa silinda. Kukadapanda kukhalapo, silinda ikadatsetsereka osazungulira ndipo g sinθ wanu akadakhala wolondola. Mphamvu yake ndi gawo limodzi mwa atatu la mg sinθ, apa pafupifupi 0.16 N, yolozera kumtunda kwa thabwa. Koma mwalemba kuti "eneji yatayika n'kusanduka kutentha", ndipo apo ndi pamene mwasochera. Kachigawo ka silinda kamene kakukhudza thabwa pa kamphindi kalikonse kamakhala kataima, sikakwecha thabwalo. Popanda kukwecha palibe kutentha. 0.245 J ija sinatayike, ili m'silindamo ikuzungulira, ndipo mukaigwira pansi paja dzanja lanu ndilo limailandira. Imene imatayikadi, chifukwa cha thabwa kukhala ndi timabampu ndi mpweya, ndi yochepa, ndipo malo ake ndi m'kati mwa 3 pa 100 muja pamodzi ndi chala cha mnzanu, osati mu 35. Kukwecha kumayamba pokhapokha thabwa likaimirira kwambiri, pamene tanθ yapitirira 3μ. Gulu limene linatsamiza thabwa pa tebulo mpaka linatsala pang'ono kuima, kuti "zichitike msanga", ndilo lokhalo limene lili ndi ufulu wolankhula za kutsetsereka, ndipo nthawi zawo zinali zazifupi kwambiri moti wotchi ya pafoni sikanathandiza kanthu.

Bwezani malipoti okonza Lachisanu m'mawa. Manambala a mu tebulo musawakhudze, kupatula gulu la 1.78 lija, inu mubwere mudzayezenso. Lembani kuchoka pa mgh kufika pa 2/3 ndi dzanja lanu, mzere ndi mzere. Yerekezani a wanu ndi ameneyo. Jambulani girafu ya a ndi sinθ, kupendekeka kwake kukhale chapafupi ndi 6.5, osati 9.8. Amene mudzayezenso: h muyeze pakati pa poyambira ndi pothera penipeni pa L, osati kunsonga kwa thabwa, silinda muigwire ndi rula n'kuchotsa rulayo, osaikankha, ikapatuka n'kukhudza m'mphepete ulendo umenewo sukuwerengedwa, h asapitirire 0.30 m. Amene mwagwiritsa ntchito madigiri onani ngati kakyuleta ili pa DEG. Mawu akuti "cholakwa cha munthu" ndikawaonanso opanda nambala ya masekondi pambali pake ndidula mamakisi awiri. Rula yachitsulo ya mita imodzi sinabwerere m'kabati, amene ali nayo aibweretse tsiku lomwelo.