Mmene ndinafananitsira mawu a mavidiyo anga pa YouTube

Mavidiyo anga ophunzitsa kusoka ankasiyana mawu: ina yokwera, yotsatira yotsika, owonera n'kumangosinthasintha voliyumu. Vuto linali loti kufananitsa nsonga za mawu, pamene mawu akwera kwambiri, sikufananitsa mmene khutu limamvera. Chimene chimayeza zimenezo ndi LUFS.

YouTube imatsitsa vidiyo yokwera kuposa -14 LUFS, koma yotsika siikweza. Nditayeza, gawo lina linali lokwera pa -11, lina lotsika pa -22. Loyambalo linkatsitsidwa kufika pa -14, linalo n'kukhala pomwepo. Kulumpha kwa mawu kunkachokera apa.

Ndiye gawo lililonse ndinalipititsa mu ffmpeg, pulogalamu yosinthira mafayilo a mavidiyo ndi mawu:

```
ffmpeg -i gawo1.mp4 -af loudnorm=I=-14:TP=-1 -ar 48000 -c:v copy latsopano1.mp4
```

`TP=-1` imasiya kampata kuti mawu asasweke YouTube ikamapanikiza fayilo. Koma gawo la -22 lija litakwera, phokoso la fani linakweranso, choncho ndinayamba ndalichotsa kaye mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu. Sitepe imeneyi musailumphe, chifukwa phokosolo limatopetsa womvera.

Kuti nditsimikize, ndimatsegula "Stats for nerds", pomwe YouTube imaonetsa manambala okhudza vidiyo, pa vidiyo iliyonse. Manambala a "content loudness" tsopano ndi oyandikana.