Dzina, logo ndi kalankhulidwe: tiyambe chiti?

"Ndikufuna kuyamba bizinesi ya chiponde ku Area 25, ndiyambe logo kapena dzina?"

Achemwali, zonsezo zidikire kaye. Choyamba ndi malo amene mukufuna kukhala m'mutu mwa kasitomala, yani akamva za inu aziganiza chani poyerekeza ndi chiponde china chija chadzadza m'mashopu. Lembani chiganizo chimodzi basi, mwachitsanzo: chiponde cha mtedza wokhawokha, chopanda shuga, cha amayi opakira ana buledi m'mawa. Mukangolemba kuti "chabwino, chotchipa, cha aliyense" ndiye simunasankhe kanthu.

Dzina, logo ndi kalankhulidwe ndi zovala chabe za chiganizo chimenecho, zimene anthu amakuzindikirani nazo. Dzina libwere kachiwiri, lalifupi, loti munthu alitchule pa foni mu minibasi mnzake alimve kamodzi, ndipo musanasindikize malebulo kafufuzeni kwa Registrar General ngati wina sanalembetse kale.

Kenako logo. Isindikizeni yakuda pa pepala loyera, yaing'ono ngati chivindikiro cha botolo, ikapanda kuwerengeka ndiye kuti yachuluka zokongoletsa, anyamata odizaina amakonda maluwa heve.

Pomaliza kalankhulidwe, apa mpamene ambiri amagwa. Lebulo ikunena za ana ndi amayi koma pa WhatsApp mukuyankha kuti "bho bho mani, zilipo", sizikugwirizana. Muyeso wake, onetsani botolo kwa anthu 5 osakudziwani, afunseni kuti chapangidwira anthu otani ndipo chikusiyana pati ndi chinzake. Akayankha zosiyanasiyana bwererani ku chiganizo chija, logo musaikhudze kaye.