Tsekani khomo la malo ndi mtengo pa shiti ya nyumba za lendi

Ngati muli anthu atatu kapena anayi olemba nyumba za lendi pa shiti imodzi ya Google Sheets, musalole kuti aliyense azilemba yekha dzina la dera. Wina alemba Chinamwali, wina Chinamwale, wina asiya mpata kumapeto, ndipo mukasefa nyumba za ku Chinamwali zina sizioneka.

Tsegulani tsamba lachiwiri lotchedwa Madera, mulembe mayina motsika: Matawale, Chinamwali, Chikanda, Mpondabwino, Sadzi. Kenako bwererani ku tsamba la nyumba, sankhani mzati wonse wa dera, pitani ku Data > Data validation, muloze mndandandawo, ndipo musankhe Reject the input. Apa mpamene ambiri amaphonya: akasiya pa chenjezo chabe, cholakwikacho chimalowabe, kungoti chimakhala ndi kachizindikiro kofiira komwe palibe amakalabadira. Tsamba la Madera litetezedwe, munthu mmodzi yekha ndiye aziwonjezera dera latsopano.

Pa mtengo pazilowa nambala yokha, 150000, osati "K150,000 pamwezi". Mukasakaniza mawu, shiti siwerenganso ngati ndalama ndipo kusanja mitengo kumasokonekera. Mawu akuti pamwezi akhale pamutu pa mzati.

Mzati wa foni ukhale Plain text, apo ayi ziro woyamba amasowa.

Nyumba iliyonse ikhale ndi nambala yake mu mzati A. Kuti yobwerezedwa ikanidwe, sankhani mzati A kuyambira pa A2, pitani ku Data validation, musankhe Custom formula is ndi Reject the input, ndipo ikani lamulo ili:

```
=COUNTIF($A$2:$A,A2)=1
```

Chenjerani ndi kumata zokopera kwina, kumafufuta malamulowa. Matani ndi Ctrl+Shift+V.