Kusandutsa lipoti lolemera kukhala nkhani

"Ndili ndi lipoti la masamba 30 la banki mkhonde ya kumudzi kwathu, abwana akufuna nkhani yaifupi. Ndiyambire pati?"

Musanayambe pezani lipotilo, buku limene alembi a gulu amalembamo masheya ndi ngongole, komanso chilolezo cha mayi amene mumutchule.

1. Werengani lonse, mulembe mzere pansi pa zinthu zitatu basi: vuto linali chani, anachita chani, chinasintha nchani. Za misonkhano ndi mawekishopu zisiyeni.

2. Vutolo liyambe ndi munthu mmodzi, tinene mayi wogulitsa mandasi amene ankakongola katapila kuti agule ufa ndi mafuta.

3. Zochitazo mutchule wochita. "Anthu anaphunzitsidwa" sizikutiuza kanthu, nenani kuti amagula masheya sabata iliyonse nkumabwerekana.

4. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, manambala. Tiyerekeze gulu linayamba ndi anthu 25, pogawana ndalama atsala 20, ndipo 16 abweza ngongole yonse. Lipoti linena kuti 80 peresenti anabweza, koma pa amene anayamba ndi 64 peresenti, ndiye lembani kuti 16 mwa 25 anamaliza bwino, 5 anasiyira panjira, 4 akadali ndi ngongole. Komanso phindu likakwera kuchoka pa K20,000 kufika K30,000 onani kaye ngati ufa sunakwere mtengo nthawi yomweyo, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 paja.

5. Kawerengereni mayi uja ndi mlembi wa gulu musanapereke kwa abwana, nambala imene akuikana mukaionenso m'buku.