Yang'anani theka la funde musanayambe kuwerengera

Kwa amene mukuphwanya funde lobwerezabwereza kukhala mafunde a saini, amene timawatcha mahamoniki: musathamangire masamu. Jambulani kaye funde lonse kamodzi, mulidule pakati, muyerekeze mbali ziwirizo. Ngati theka lachiwiri lili ndendende ngati loyamba koma lozondoka, mahamoniki achiwiri, achinayi, achisanu ndi chimodzi ndi anzawo otero mulibe. Theka la ntchito latha pomwepo.

Chifukwa chake n'chosavuta. Hamoniki yachiwiri imazungulira kamodzi kathunthu m'theka lililonse, ndiye imafika m'theka lachiwiri isanasinthe. Singathandize kumanga chinthu chozondoka.

Tengani funde lamakona anayi lodumpha pakati pa +1 V ndi -1 V, lobwereza ka 50 pa sekondi. Pa sipekitiramu mizere yoyambirira iima pa 50, 150, 250 ndi 350 Hz, ndipo kutalika kwa uliwonse ndi `4/(nπ)`, pomwe n ndi nambala ya hamonikiyo, 1, 3, 5 ndi 7: pafupifupi 1.27, 0.42, 0.25 ndi 0.18 V. Pa 100 ndi 200 Hz m'mbee.

Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti lamuloli limagwiranso ntchito chobwerera. Mukapima funde lotere n'kuona kamzere katatumphuka pa 100 Hz, musafulumire kukayikira chipangizo. Kawirikawiri fundelo likukhalitsa pamwamba kuposa pansi. Ine ndinatayapo madzulo athunthu ndikusinthasintha mawaya, chonsecho vuto linali limeneli.

Koma chenjerani: funde lonse likangokwera m'mwamba mofanana, chimene chimawonjezeka ndi mzere wa pa 0 Hz basi. Uchotseni kaye musanayerekeze mbali ziwiri zija.