Notsi za pa WhatsApp: lembani mawu, musajambule kope

Aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu owerengera limodzi, kuyambira ku Ulongwe, Domwe, Tsangano mpaka ku Furankungo, ndikufuna tikambirane za chizolowezi chimene chikudya mamega a ana athu. Mayeso akayandikira, munthu amatenga kope, kulijambula tsamba ndi tsamba, n'kuponya zonse pa gulu. Iye amaona ngati wathandiza. Koma mwana wa kumudzi, amene amachita kukwera pachulu kuti Movitel kapena Vodacom imveke, amangoona kamzere kozungulira kosatha.

Ine ndemwe ndinachitapo zimenezi. Ndinajambula masamba 12 a phunziro la chibadwa cha zamoyo, la malamulo a Mendel, n'kuwatumiza ngati fayilo kuti asafufutike. Chithunzi chilichonse chinali cha 3 MB, zonse pamodzi 36 MB. Mawa lake mtsikana wina anandionetsa foni yake ya itel yosweka pakona. Masamba awiri anatsika, lachitatu linaima pakati, mamega anali atatha. Anangoti, "Aphunzitsi, ndinagula dzulo lomweli." Ndinachita manyazi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. 1 MB ndi pafupifupi 1000 KB, ndipo 1 KB ndi pafupifupi mabaiti 1000. Foni ikalemba kachilembo ka E pamwamba, ndiye kuti ili pa netiweki yochedwa ya 2G. Tinene kuti ikukoka 10 KB pa sekondi. Tsamba limodzi la 3 MB lifuna mphindi zisanu, masamba 12 ola lathunthu, netiwekiyo ikapanda kuduka. Ndipo mwana aliyense pa gulu amalipira yekha mamega amenewo. Pamene mawu otaipa, chilembo chimodzi chimalemera baiti imodzi, zilembo za zizindikiro monga ã, ç ndi ŵ zimalemera mabaiti awiri. Mawu 600 sapitirira 5 KB. Amatsika musanaphethire.

Wina anganene kuti, bwanji osatumiza ngati chithunzi wamba, poti WhatsApp imachepetsa yokha? Imachepetsadi, koma pochepetsapo imataya tinthu ting'onoting'ono, ndipo zoyamba kuwonongeka ndi zolemba pamanja, makamaka za pensulo kapena bolopeni yabuluu pa pepala la mizere. Pa phunziro la Mendel zimenezi n'zoopsa, chifukwa kusiyana kwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndiye phunziro lenilenilo. S ndi s, kapena P ndi p, zikachita chimbuuzi, mwana aloweza zolakwika.

Nazi zimene ndinachita ndi masamba 12 aja. Poyamba ndinawapeta ngati chimanga. M'kope mumakhala zambiri zobwereza: tsiku, mutu, zitsanzo zitatu za chinthu chimodzi. Ndinasiya matanthauzo a mawu asanu ndi limodzi, lamulo loyamba ndi lachiwiri, chitsanzo chimodzi chowerengetsera, ndi mafunso asanu oyeserera. Zinakwana mawu 600. Matanthauzo ndinawasiya m'Chipwitikizi monga adzawapezere pa mayeso, koma pansi pa lililonse ndinaika mzere umodzi wa m'chinenero chathu. Pansi pa tanthauzo la chibadwa chopondereza ndinalemba kuti, "ichi ndi chimene chimaoneka ngakhale chachokera kwa kholo limodzi lokha."

Kenako ndinagawa mawuwo m'mauthenga atatu, uliwonse ndi mutu wake ndi nambala: 1/3, 2/3, 3/3. Nambalazi musazinyoze. Pa gulu pamalowa moni, maliro ndi malonda a mbatatesi, ndipo mwana amene watsegula foni patapita masiku awiri amadziwira pa nambala kuti wasowa gawo. Uthenga ukatalika kwambiri, WhatsApp imaubisa pansi pa `Ler mais`, ndipo ambiri sadinapo. Mutu muuike pakati pa nyenyezi ziwiri kuti uderepo, monga `*Lei de Mendel*`. Muwauzenso ana kuti adine uthengawo nthawi yaitali n'kuuika kanyenyezi, kuti aziupeza msanga ngakhale alibe mamega.

Chinandivuta ndi tebulo la kukwatitsa mbewu. Mukalitaipa wamba, mizere imapotoka chifukwa zilembo sizifanana kukula. Mankhwala ake ndi kuika tizizindikiro titatu topendekera kumbuyo poyamba ndi pomaliza, kuti chilembo chilichonse chitenge malo ofanana:

````
```
    A    a
A   AA   Aa
a   Aa   aa
```
````

Apa mwana akuona yekha kuti mwa zinayi, zitatu zili ndi A ndipo chimodzi chokha ndi aa, ndiye 3:1 ya Mendel ija. Tebulo lotere likhale lopapatiza. Mzere ukapitirira zilembo 25 kapena 30, pa foni yaing'ono umathyokera pansi ndipo tebulo lonse limasokonekera.

Pali nthawi imene fayilo ya PDF imafunikadi, monga pamene mukufuna kuti notsi za mwezi wonse zikhale pamodzi. Taipani mu Word kapena WPS Office, koma musasiye tsamba pa A4. Tsamba la A4 pa galasi la foni limakhala ngati nyerere, mwana n'kumalikoka uku ndi uku mpaka maso kuwawa. Sankhani A6, lomwe ndi 105 mm ndi 148 mm, zilembo za 11 kapena 12, m'mbali mosiya malo ochepa. Mtundu wa zilembo ukhale umodzi, chifukwa mtundu uliwonse umene mwagwiritsa umalowa m'fayilomo n'kuilemeretsa. Chizindikiro cha sukulu ndi mitundu yokongoletsa, zichotseni. PDF ya mawu okhaokha ya mutu umodzi siyenera kupitirira 100 KB. Mukaona yafika 2 MB, mkatimo mwabisala chithunzi.

Chenjerani ndi mapulogalamu osikana mapepala. Amatulutsa PDF, inde, koma ndi zithunzi zomwe zija zitavala malaya ena. Kuzindikira kwake n'kosavuta: tsegulani fayiloyo, dinani liwu limodzi nthawi yaitali. Likasankhika ndipo fayiloyo ndi yopepuka, ndi mawu enieni. Likakana, ndi chithunzi.

Chojambula chimene simungathe kutaipa, monga selo kapena mapu, chijambuleninso ndi bolopeni yakuda pa pepala loyera lopanda mizere, zilembo zikuluzikulu. Chitengeni masana pamthunzi wa pakhonde, osati padzuwa kapena pa nyali, dulani m'mbali kuti tebulo ndi zala zisaoneke, n'kuchitumiza chokha ngati chithunzi wamba, osadina `HD`. Mizere yakuda yonenepa imapirira kuchepetsedwa.

Ngati mwasankha fayilo ya `.txt`, muisunge mu `UTF-8`. Mukapanda kutero, kapena foni ikaiwerenga molakwika, zilembo za Chipwitikizi zimasanduka zinyalala. Mukaona `Ã§` pamalo pa ç, vuto lake ndi limeneli. Dzina la fayilo linene zimene zili mkati, monga `Bio10_Mendel_v2.pdf`, ndipo mukakonza cholakwika musinthe nambala yakumapetoyo, chifukwa yakale imakhala ikuyendabe m'mafoni.

Musanatumize ku gulu, tumizani kaye kwa mwana mmodzi amene ali ndi foni yaing'ono kwambiri, ndipo muime naye pomwepo. Onani kukula kumene WhatsApp yalemba pansi pa fayilo, onani ngati akuwerenga osakulitsa ndi zala. Pomwepo mumuthandizenso kutseka zotsika zokha pa `Armazenamento e dados`, kuti mavidiyo a m'magulu ena asamudyere mamega usiku. Amene akhala mudzi umodzi, mmodzi atsitse PDF ija, enawo apatsane pa Bluetooth, yomwe sifuna mamega ngakhale pang'ono.