Mutu wa tsamba ukuduka pa Google

"Mutu wa tsamba la loji yathu ku Mulanje ukuduka pa Google, ndilembe bwanji?"

Mukhale ndi mwayi wosintha mutu ndi mawu ofotokozera m'khodi ya tsamba lanu, omwe ndi `<title>` ndi `<meta name="description">`.

1. Yambani ndi mawu amene alendo amasaka, dzina la loji pambuyo.

2. Mutu usapitirire zilembo 60. Ambiri amalakwitsa pano: Google imayeza m'lifupi, mapikiselo pafupifupi 600, choncho zilembo zazikulu ndi zotambalala ngati W zimadya malo msanga. "Malo ogona pafupi ndi Likhubula, Mulanje" ndi zilembo 40, mpata wa dzina ulipo.

3. Mawu ofotokozera akhale zilembo 120 mpaka 155, muike mtengo ndi mtunda wokafika kuphiri koyambirira, poti pafoni amaduka msanga. Nthawi zina Google imawasintha yokha.

4. Pakatha milungu inayi, lowani mu Search Console, chida cha Google choonetsa mmene tsamba likuchitira, muyerekeze CTR yatsopano ndi yakale. CTR ndi gawo la anthu amene amadina tsamba lanu mwa onse amene aliona pa Google.